Dzina lojambula molekyulu: mmene amatchulira ma-alikeni a nthambi

Pamapampu a petulo ku South Africa pamalembedwa manambala awiri, 93 ndi 95, ndipo woyendetsa galimoto amasankha malinga ndi injini yake. Manambalawa sakhudza mtengo kapena kuchuluka kwa mafuta ayi. Amanena za mmene petuloyo amapirira kupanikizidwa mu injini popanda kuphulika nthawi isanakwane. Petulo akaphulika yekha moto wochokera ku pulagi usanamufike, injini imagogoda m'kati, mphamvu imachepa, ndipo zikapitirira zitsulo zimawonongeka. Mu 1926 katswiri wina wa ku America, Graham Edgar, anapeza kuti pali mafuta a mtundu wina amene amathetsa kugogodaku. Pamuyezo umene unakhazikitsidwa pambuyo pake, mafutawo anapatsidwa 100, ndipo ena ogogodetsa injini kwambiri, otchedwa heptane, anapatsidwa 0. Petulo wa 95 ndi amene, akamuyesa mu injini yoyesera, amachita ngati chisakanizo cha magawo 95 a mafuta oyambawo ndi magawo 5 a heptane.

Anthu ogwira ntchito za mafuta amatcha mafuta a 100 aja isooctane. Kachidutswa ka oct kamatanthauza 8, ndipo n'zoona kuti molekyulu yake ili ndi maatomu 8 a kaboni ndi 18 a hayidirojeni, C8H18. Koma mukatsegula buku la kemisitiri mupeza kuti dzina lake lovomerezeka ndi 2,2,4-trimethylpentane, pomwe pent amatanthauza 5. Nanga makaboni alipo 8 kapena 5? Manambala onse awiri ndi oona. Makaboni 5 ali pamzere waukulu, atatu otsalawo apachikika m'mbali. Dzina loyamba likungotiuza kuchuluka kwake, pomwe lachiwirilo likutiuza pamene kaboni aliyense wakhala, moti munthu amene sanaionepo molekyuluyo angathe kuijambula osaphonya kanthu. Luso lopanga ndi kuwerenga mayina otere lili ndi malamulo ochepa, koma lamulo lililonse lili ndi pomwe anthu amapunthwa.

Chifukwa chake mayina wamba sakwanira

Ma-alikeni ndi banja la mamolekyulu opangidwa ndi kaboni ndi hayidirojeni basi. M'mabuku amalemba kuti alkane, ndipo dzina la aliyense wa m'banjali limathera ndi -ane. Kaboni aliyense amalumikizana ndi maatomu ena anayi, osapitirira komanso osaperewera, ndipo hayidirojeni amalumikizana ndi imodzi yokha. Makaboni akagwirana okhaokha amapanga unyolo, ndipo malo onse otsala amadzazidwa ndi hayidirojeni. N'chifukwa chake kuchuluka kwa hayidirojeni sikuvuta kupeza: chulukitsani makaboni kawiri, n'kuwonjezera 2. Ambiri a iwo timawadziwa kale ngakhale osati ndi mayinawa. Gasi wophikira wa m'masilinda ndi propane ndi butane, ndipo petulo, palafini, dizilo ndi phula la kandulo zili ndi ma-alikeni ambiri a maunyolo otalikirapo.

Mayina khumi oyamba amayenera kungolowezedwa, chifukwa zina zonse zimamangidwa pa iwo. Kaboni mmodzi ndi methane, awiri ndi ethane, atatu ndi propane, anayi ndi butane. Kuyambira pa 5 mayina amatsata manambala a Chigiriki ndi Chilatini: pentane, hexane, heptane, octane, nonane, mpaka decane wa makaboni 10.

Makaboni akakhala atatu kapena kucheperapo, pali njira imodzi yokha yowalumikizira. Akafika anayi, njira zimakhala ziwiri. Mutha kuwandandalika onse pamzere umodzi, kapena kuika atatu pamzere n'kupachika wachinayi pa wapakati. Mamolekyulu awiriwa onse ndi C4H10, koma si chinthu chimodzi: wowongokayo amawira pa 0 °C kuchepera pang'ono, pomwe wanthambiyo amawira pafupifupi pa −12 °C. Wanthambiyu ndi amene amazungulira m'mapaipi a mafiriji ambiri a masiku ano, ndipo mukaona R600a pakapepala kakuseri kwa firiji yanu, ndi yemweyo. Mamolekyulu okhala ndi maatomu ofanana kuchuluka koma olumikizidwa mosiyana chotere amatchedwa ma-ayisoma.

Akatswiri akale anayamba ndi mayina osavuta. Wowongoka anamutcha butane, wanthambi isobutane. Pa makaboni 5 ma-ayisoma alipo atatu, ndipo anawatcha pentane, isopentane ndi neopentane. Koma chiwerengerocho chimakwera mofulumira kwambiri. Pa makaboni 6 alipo 5, pa 7 alipo 9, pa 8 alipo 18, pa 10 alipo 75, ndipo pa makaboni 20 amafika 366,319. Palibe mutu umene ungasunge mayina osiyanasiyana ochuluka chotero. Mu 1892 akatswiri ochokera m'mayiko angapo a ku Ulaya anakumana ku Geneva, m'dziko la Switzerland, n'kugwirizana kuti dzina lizichokera ku kamangidwe ka molekyulu, ndipo maziko ake azikhala unyolo wautali koposa. Bungwe la IUPAC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, linapitiriza ntchitoyi, ndipo lakhala likukonzanso malamulowa, monga mu 1979, mu 1993 ndi mu 2013. Ndi malamulo omwewa amene wophunzira wa MSCE amakumana nawo m'kalasi, amenenso katswiri wa ku Japan kapena ku Brazil amalembera ntchito yake.

Unyolo wautali si umene wagona chopingasa

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo. Lamulo loyamba likuti pezani unyolo wautali koposa wa makaboni olumikizana motsatizana, ndipo umenewo ndiwo upereke dzina lotsiriza. Pomva lamuloli n'losavuta. Vuto limabwera ndi maso athu, amene anazolowera kuwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, moti mzere uliwonse wogona chopingasa papepala amautenga ngati waukulu. Taonani chithunzi ichi:

```
CH3 - CH - CH2 - CH2 - CH3
      |
      CH2
      |
      CH3
```

Ambiri akachiona amawerenga makaboni 5 pamzere wapamwamba, n'kuona nthambi ya makaboni awiri pa kaboni wachiwiri, n'kulemba kuti 2-ethylpentane. Dzinali ndi lolakwika. Ikani chala pa CH3 wapansi penipeni, mukwere, ndipo mukafika pamzere wapamwamba mukhotere kumanja mpaka kumapeto. Mwadutsa makaboni 6 osabwerera m'mbuyo ngakhale kamodzi. Unyolo waukulu ndi umenewo, hexane, ndipo CH3 wa kumanzere uja, amene amaoneka ngati chiyambi cha mzere, ndiye nthambi. Dzina lolondola ndi 3-methylhexane.

Kodi n'chifukwa chiyani kukhota n'kololedwa? Chifukwa molekyulu yeniyeni simagona papepala. Zilumikizo zinayi za kaboni zimaloza mbali zinayi zosiyana, motalikirana pafupifupi madigiri 109.5, moti ngakhale unyolo umene timautcha wowongoka kwenikweni umayenda mokhotakhota. Kuwonjezera apo, makaboni awiri olumikizana amatha kuzungulira pachilumikizo chawo, ndipo molekyulu imapindika n'kutambasuka nthawi zonse. Zili ngati mkanda umene mwauika pamphasa: kaya mwautambasula, kaya mwaupinda, mkanda wofiira umene unatsatana ndi woyera ukhalabe wotsatana nawo. Chithunzi chimangotiuza kuti kaboni uyu walumikizana ndi uti. Kuti wajambulidwa m'mwamba, pansi kapena chammbali, imeneyo ndi nkhani ya wojambula.

Njira yodalirika yopezera unyolo wautali si kuyang'ana chithunzi chonse nthawi imodzi. Yambani mwapeza mathero onse, ndiko kuti CH3 aliyense. Unyolo wautali koposa uyenera kuyambira pa CH3 mmodzi n'kuthera pa wina. Tsono yendani kuchokera kumathero amodzi kupita ku ena, mukuwerenga makaboni, ndipo mulembe chiwerengero cha ulendo uliwonse. Osadutsa kaboni mmodzi kawiri, ndipo mukafika pamphambano musankhe njira imodzi yokha. Zimaoneka zochedwetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene walakwitsa pano zonse zotsatira zimamulakwikira ngakhale atatsata malamulo ena bwinobwino.

Zonse zimene zatsala kunja kwa unyolo waukulu ndi nthambi. Dzina la nthambi limachokera ku alikeni wa makaboni ofanana nayo, kungochotsa -ane n'kuikapo -yl. Nthambi ya kaboni mmodzi ndi methyl, ya awiri ndi ethyl, ya atatu ondondozana ndi propyl, ya anayi ndi butyl.

Kuwerenga kuyambire mbali iti?

Unyolo uli ndi mathero awiri, choncho pali njira ziwiri zoperekera manambala kwa makaboni ake. Lamulo likuti sankhani mbali imene ipatse nthambi manambala aang'ono. Nthambi ikakhala imodzi palibe chovuta. Mu hexane uja, kuyambira pansi nthambi igwera pa kaboni 3, pomwe kuyambira kumanja igwera pa 4, ndiye tatenga 3. Mafuta a 100 aja ali ndi nthambi zitatu:

```
      CH3       CH3
      |         |
CH3 - C - CH2 - CH - CH3
      |
      CH3
```

Njira iliyonse yaitali imene mungayese pano ikupatsani makaboni 5, choncho ndi pentane. Kuyambira kumanzere, nthambi zili pa 2, pa 2 pomwepo, ndi pa 4. Kuyambira kumanja zili pa 2, pa 4 ndi pa 4. Mbali zonse ziwiri nthambi yoyamba ili pa 2, ndiye nambala yoyamba singatiweruzire. Tipite ku yachiwiri: kumanzere ndi 2, kumanja ndi 4. Mlandu wathera pomwepo, ndipo manambala ndi 2,2,4.

Zindikirani kuti nthambi iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ngakhale ziwiri zitakhala pa kaboni mmodzi. Kulemba 2,4-trimethylpentane n'kusiya owerenga m'malere, chifukwa tri akunena kuti nthambi zilipo zitatu koma manambala ndi awiri okha, ndipo palibe amene angadziwe pomwe yachitatuyo ili. Nthambi zofanana zikakhala ziwiri timalemba di, zitatu tri, zinayi tetra. Manambala amalekanitsidwa ndi mpatuliro, nambala ndi chilembo zimalekanitsidwa ndi kamzere kakafupi, ndipo dzina lonse limalembedwa ngati liwu limodzi, popanda mpata pakati pa trimethyl ndi pentane.

Pali chizolowezi china chimene chafala pakati pa ophunzira, ndipo ndikufuna kuchitsutsa mosapsatira. Ena amati phatikizani manambala a mbali iliyonse, ndipo mbali imene yapereka chiwerengero chochepa ndiyo yolondola. Pa chitsanzo chathuchi njirayi ikupereka yankho loona, popeza 2,2,4 akupanga 8 pomwe 2,4,4 akupanga 10. Kuopsa kwake kuli pomwepo: imagwira ntchito kawirikawiri, moti munthu amayamba kuikhulupirira. Koma lamulo la IUPAC si limenelo. Tengani unyolo wa makaboni 10 wokhala ndi nthambi zitatu za methyl. Kuyambira mbali imodzi zili pa 2, 7 ndi 8, zomwe pamodzi zikupanga 17. Kuyambira mbali inayo zili pa 3, 4 ndi 9, zomwe zikupanga 16. Wophatikiza asankha 3,4,9 n'kulakwa. Lamulo likuti ndandalikani manambala a mbali iliyonse kuyambira yaing'ono, muwafanizire imodziimodzi, ndipo malo oyamba pomwe asiyana ndi amene agamule. Pano asiyana pa nambala yoyamba yomwe, 2 ndi 3. Dzina ndi 2,7,8-trimethyldecane, ndipo 7 ndi 8 otsatirawo, ngakhale ndi aakulu, alibenso mawu pa nkhaniyi.

Nthambi zikakhala za mitundu yosiyana, zimalembedwa motsata alifabeti, osati motsata manambala kapena kukula kwake. Choncho ethyl amatsogola methyl chifukwa e amabwera m asanafike. Tizidutswa ta di, tri ndi tetra sitiwerengedwa pa ndondomekoyi: dimethyl amakhalabe pa m, osati pa d. Alifabeti ili ndi ntchito inanso imodzi, koma imaigwira pokhapokha manambala atalephereratu kugamula. Pa unyolo wa makaboni 7 wokhala ndi ethyl ndi methyl, zitha kuchitika kuti mbali zonse ziwiri zikupereka 3 ndi 5. Zikatero nambala yaing'ono imapita kwa nthambi yotsogola mu alifabeti, ndipo dzina limakhala 3-ethyl-5-methylheptane. Wopatsa ethyl nambala yaing'ono asanafanizire manambala a mbali zonse wadumpha sitepe.

Tiyeni tiyende nayo imodzi mpaka kumapeto

Molekyulu ili m'munsiyi ndaisankha chifukwa misampha yambiri imene takambirana ikupezeka m'menemo, pamodzi ndi wina umene sitinaukhudze.

```
CH3 - CH - CH2 - CH - CH - CH3
      |          |    |
      CH2        CH2  CH3
      |          |
      CH3        CH3
```

Tisanachite china chilichonse tiwerenge makaboni onse. Pamzere wapamwamba pali 6, m'munsi muli awiri, awiri ena, ndi mmodzi. Onse pamodzi ndi 11, choncho molekyuluyi ndi C11H24. Nambala imeneyi tiisunge, tiifuna kumapeto.

Maso akuthamangira mzere wapamwamba ndipo akufuna kulemba 3,5-diethyl-2-methylhexane. Tiwaletse, tiyambe tapeza mathero. Alipo 5: CH3 wa kumanzere, CH3 wa kumanja, awiri apansi penipeni, ndi mmodzi wopachikika pafupi ndi kumanja. Kuchokera kumanzere kukafika kumanja ndi makaboni 6. Kuchokera kumanzere n'kutsikira pa mwendo wachiwiri wa makaboni awiri ndi 6 omwewo. Koma tikayambira pansi pa mwendo woyamba, n'kukwera, n'kulowera kumanja mpaka kumapeto, tikupeza 7: awiri a mwendowo ndi asanu a mzere wapamwamba. Dzina la hexane lagwa kale. Tikathera pa CH3 wopachikika uja m'malo mwa wa kumanja, palibe chimene chasintha, chifukwa awiriwa alumikizana ndi kaboni mmodzi ndipo ndi ofanana.

Komabe pali njira inanso ya makaboni 7. Yambirani pansi pa mwendo woyamba, mukwere, mudutse makaboni atatu a pamzere wapamwamba, n'kutsikira pa mwendo wachiwiri. Awiri, atatu, awiri: 7. Tsopano tili ndi maunyolo awiri ofanana kutalika, ndipo sakupereka dzina limodzi. Lamulo la apa likuti sankhani unyolo wokhala ndi nthambi zambiri. Njira yotsikira pa mwendo wachiwiri ikusiya nthambi ziwiri zokha: methyl mmodzi, ndi nthambi ya makaboni atatu imene yalumikizidwa kudzera pa kaboni wake wapakati. Njira yopitirira mpaka kumanja ikusiya nthambi zitatu: methyl kumanzere, ethyl pakati, ndi methyl wina pafupi ndi kumanja. Zitatu zaposa ziwiri, ndiye tatenga imeneyi. Poyamba lamuloli limaoneka ngati lofuna kuchulutsa ntchito, koma taonani chimene latichitira: m'malo mwa nthambi yovuta kuitchula, latisiyira tinthambi tating'ono todziwika kale.

Tsopano manambala. Tikayambira kumanja, methyl ali pa 2, ethyl pa 3, methyl winayo pa 5. Tikayambira pansi pa mwendo woyamba, nthambi zili pa 3, 5 ndi 6. Nambala yoyamba yagamula kale, 2 ndi yaing'ono kuposa 3, choncho tiyambira kumanja. Kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere kusakudetseni nkhawa, lamulo silisamala za mbali ya pepala.

Chatsala n'kusonkhanitsa. Tili ndi ethyl mmodzi pa 3, ndi ma-methyl awiri pa 2 ndi pa 5, omwe tiwalemba 2,5-dimethyl. Mu alifabeti ethyl atsogola, ngakhale nambala yake ndi yaikulu kuposa 2, ndiponso ngakhale d wa dimethyl amabwera e asanafike. Dzina ndi ili:

```
3-ethyl-2,5-dimethylheptane
```

Tibwerere ku 11 uja. Heptane ndi makaboni 7, ethyl ndi 2, ma-methyl awiri ndi 2. Zonse pamodzi 11. Palibe kaboni amene watayika kapena kuwerengedwa kawiri.

Mmene mungadziwire kuti dzina lalakwika

Kuwerengetsa makaboni kumagwira munthu amene waiwala nthambi, koma sikungagwire amene wasankha unyolo wolakwika. Dzina lolakwika lija, 3,5-diethyl-2-methylhexane, nalonso limapereka 11. Mwamwayi pali zizindikiro zina zimene zimaonekera m'dzina lenilenilo, popanda ngakhale kujambula.

Methyl sangakhale pa kaboni 1, kapena pa kaboni wotsiriza, chifukwa akatero si nthambi, wangotalikitsa unyolo. Chimene wina angachitche 1-methylbutane ndi pentane basi. Pa chifukwa chomwecho, ethyl sangakhale pa kaboni 2. Kuseri kwa kaboni 2 kuli kaboni mmodzi yekha, pomwe ethyl ali ndi awiri, ndiye unyolo wodutsa mu ethyl ukanakhala wautali kuposa umene wasankhidwa. Nayenso propyl wowongoka sangakhale pa kaboni 3. Izi zimagwira ntchito kumathero onse awiri a unyolo. Mu 3,5-diethyl-2-methylhexane muli ethyl pa 5, ndipo mu unyolo wa makaboni 6, kaboni 5 ndi wachiwiri kuchokera kumapeto. Chizindikiro chimenecho chokha chikukwanira kukuuzani kuti unyolo wautali unaphonyedwa.

Za manambala, pali kawerengedwe kachidule kotembenuzira dzina. Wonjezerani 1 pa kutalika kwa unyolo, ndipo muchotsepo nambala iliyonse ya nthambi. Zotsatirazo ndi manambala amene mukanapeza mukanayambira mbali inayo. Pa heptane wathu, 7 kuwonjezera 1 ndi 8, ndipo kuchotsapo 2, 3 ndi 5 kukupereka 6, 5 ndi 3. Tikawandandalika ndi 3,5,6, omwe agonja kwa 2,3,5. Zikanakhala kuti manambala atsopanowo ndi amene apambana, tikanadziwa kuti tinayambira kolakwika.

Yeso lomaliza, lomwe ine ndimaliona kuti ndi loposa onse, ndi kuphimba chithunzi n'kujambulanso molekyuluyo kuchokera m'dzina. Yambirani kumapeto kwa dzina: heptane, makaboni 7 pamzere. Apatseni manambala, pachikani nthambi pomwe dzina lanena, kenako dzazani hayidirojeni mpaka kaboni aliyense akhale ndi zilumikizo zinayi. Chithunzi chanu chatsopano sichioneka ngati choyamba chija, chifukwa tsopano unyolo waukulu wagona chopingasa. Koma mukatsata kaboni ndi kaboni, aliyense ayenera kukhala ndi anansi omwe aja.

Pomwe malamulowa amalekezera

Nthawi zina nthambi yokhala ndi nthambi yakeyake sipeweka. Pa unyolo wa makaboni 7, ngati nthambi ya makaboni atatu yolumikizidwa kudzera pakati ili pa kaboni 4, palibe njira ina yotalika mofanana imene ingaimeze. Nthambi imeneyi mudzaipeza ndi mayina atatu malinga ndi zaka za buku lanu. Dzina lakale lozolowereka ndi isopropyl, mabuku ena amalemba 1-methylethyl, ndipo malangizo a IUPAC a mu 2013 amakonda propan-2-yl. Onsewa akunena chinthu chimodzi, ndipo wophunzira atsate limene silabasi yake ikugwiritsa ntchito. Malangizo omwewo a 2013 anasiya kulimbikitsa mayina a isobutane, isopentane ndi neopentane, m'malo mwake akuti 2-methylpropane, 2-methylbutane ndi 2,2-dimethylpropane. Komabe okonza mafiriji ndi ogulitsa gasi akupitiriza kunena isobutane, ndipo palibe cholakwika kudziwa onse awiri.

Dziwaninso kuti lamulo la unyolo wautali koposa limalamulira lokha pa ma-alikeni basi. Molekyulu ikakhala ndi gulu lina, monga OH wopezeka mu mowa, unyolo waukulu uyenera kukhala umene wanyamula gululo, ngakhale patakhala wina wautali pambali, ndipo gululo ndi limene limayamba kupatsidwa nambala yaing'ono. Palinso zimene dzina lotere silinena. Mu 3-methylhexane, kaboni 3 walumikizana ndi zinthu zinayi zosiyana: hayidirojeni, methyl, ethyl ndi propyl. Zikatero pamakhala mamolekyulu awiri, ina ili chithunzi cha pagalasi cha inzake, ndipo ngakhale mutaitembenuza bwanji singafanane nayo ndendende. Kuti awasiyanitse, akatswiri amaika chilembo R kapena S kutsogolo kwa dzina, ndipo zimenezo zili ndi malamulo akeake.

Kwa aphunzitsi ndi makolo amene ana awo akulimbana ndi mutuwu, pempho langa ndi lakuti mwana agwire molekyulu m'manja asanayambe kuloweza malamulo. Timipira ta dongo ndi timitengo ta machesi n'zokwanira: kampira kalikonse kakhale kaboni, kamtengo kalikonse kakhale chilumikizo, hayidirojeni mumusiye kaye. Mwana akamanga chimene amachitcha 2-ethylpentane, n'kuchigwira kumathero awiri otalikirana kwambiri, n'kuwerenga timipira tapakati pa zala zakezo, apeza 6 yekha popanda womuuza.

Inunso owerenga, tengani pepala muyese iyi. Wina walemba kuti 2-ethyl-4-methylpentane. Ethyl ali pa 2, ndiye mukudziwa kale kuti chilipo chalakwika. Jambulani zimene dzinalo likunena, pezani mathero onse, yendani njira iliyonse mukuwerenga, ndipo muyese manambala kuchokera mbali zonse ziwiri. Mukatsata bwino mufika pa 2,4-dimethylhexane, mmodzi mwa ma-ayisoma 18 a C8H18.